Mwadwalira kunja n'kulipira nokha: njira yoitanitsira ndalama zanu ku inshuwalansi

Funso ili ndayankha kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri limabwera munthu atabwerera kale kwawo, envulopu ya mapepala ili m'manja, ena olembedwa m'chinenero chimene sachidziwa, ndalama zake zili za dziko lina. Amafuna kudziwa ngati kampani ya inshuwalansi ingamubwezere zimene analipira. Nthawi zambiri zimatheka, koma pokhapokha amene akuwunika pempho lanu athe kuona yekha zinthu zinayi popanda kukufunsani: munadwala chiyani, anakuchitani chiyani, anakulipiritsani zingati pa chilichonse, ndipo munalipiradi. Chimodzi chikasowa, pempholo limaima. Pempho limeneli ambiri amalitcha kleimu, ndipo inenso ndilitcha choncho.

Kuti tisamalankhule za m'mlengalenga, tiyerekeze mayi wina amene anapita ku Sipeni kukacheza, n'kudwala apendikisi mwadzidzidzi ndi kuchitidwa opaleshoni. Analipira mu yuro, zikalata zonse zili m'Chisipanishi, pomwe inshuwalansi yake imalipira mu dola ya ku Amerika. Manambala onse amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, kuphatikizapo mitengo yosinthira ndalama.

1. Werengani pangano lanu musanatumize pepala lililonse

Pangano la inshuwalansi, limene ena amati polise, ndi limene lili ndi mayankho, ndipo mapangano amasiyana kwambiri. Fufuzanimo zinthu izi. Kodi limalipira chithandizo cha kunja, ndipo dziko limene munapitalo lilimo? Kodi limalipira za mwadzidzidzi zokha, kapena ngakhale ulendo wokonzekera wokalandira chithandizo? Kodi munayenera kuwadziwitsa kapena kupempha chilolezo musanagonekedwe? Kodi kleimu iyenera kufika pasanathe masiku angati? Ena amapereka masiku 90, ena miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ambiri amayamba kuwerenga kuchokera tsiku la chithandizo, osati tsiku limene munafika kunyumba.

Mukatero lembani imelo yaifupi ku kampaniyo n'kufunsa mafunso awiri: amalandira zikalata za m'zinenero ziti popanda kumasulira, ndipo amagwiritsa ntchito mtengo wosinthira ndalama wa tsiku liti. Funsani polemba, osati pa foni pokha, kuti yankho likhale nanu. Makampani ena amamasulira okha zikalata za zinenero zodziwika, ndipo zimandiwawa kuona munthu atalipira womasulira masamba makumi atatu pomwe sizinafunike.

Ngati munagonekedwa mwadzidzidzi osawadziwitsa, musabise. Lembani chifukwa chake m'mizere iwiri, ndipo kalata ya dokotala isonyeze kuti zinali zofulumira.

2. Tengani mapepala oyenera kuchipatala, makamaka mukadali komweko

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chikalata chimene mungachipeze m'mphindi khumi muli pa zenera la akaunti chingakutengereni miyezi iwiri ya maimelo osayankhidwa mukachoka m'dzikomo.

Pali mapepala atatu a ndalama amene anthu amawasokoneza. Koteshoni ndi pepala longoyerekeza mtengo chithandizo chisanachitike, silitsimikizira chilichonse. Invoisi ndi pepala la ngongole: limanena zimene chipatala chikufuna kuti mulipire. Lisiti ndi limene limatsimikiza kuti ndalama zinalandiridwa. Kleimu imafuna invoisi ndi lisiti pamodzi, kapena invoisi yodindidwa kuti yalipiridwa yonse. Kapepala kotuluka m'makina a khadi sikakwanira pakokha, chifukwa kamangosonyeza kuti ndalama zinapita ku chipatala, osanena kuti zinali za chiyani. Komanso inki ya timapepala timeneti imafufutika pakapita nthawi, makamaka tikakhala potentha, choncho tijambuleni tsiku lomwelo.

Invoisiyo ikhale yatsatanetsatane. Mzere umodzi woti chithandizo cha m'chipatala, ndalama zakuti, woyang'ana kleimu sangachite nawo kanthu. Pemphani imene yagawa: bedi masiku angati pa mtengo wanji, dokotala wa opaleshoni, dokotala wogonetsa, chipinda cha opaleshoni, zoyeza magazi, zojambula, mankhwala. Onetsetsaninso kuti pali dzina lanu monga lilili m'pasipoti, masiku olowa ndi otuluka, dzina ndi adiresi ya chipatala, ndiponso chizindikiro cha ndalama. Chizindikiro cha $ chimagwiritsidwa ntchito ndi mayiko ambiri, ndiye ngati pepala silinatchule, pemphani alembe zilembo zitatu za ndalamayo, monga EUR, USD, INR kapena ZAR.

Ku mbali ya matenda, chikalata chachikulu ndi kalata yokutulutsani m'chipatala. Imanena chimene munabwera nacho, chimene anapeza, chimene anachita ndi mankhwala amene anakupatsani. Pemphani dokotala aikepo nambala ya matendawo ya ICD-10, mndandanda wa matenda wa bungwe la zaumoyo padziko lonse. Nambala imeneyi sifuna womasulira: apendikisi yadzidzidzi imayamba ndi K35 kulikonse kumene amagwiritsa ntchito mndandandawu. Pa zikalata za Chisipanishi mungaone alemba CIE-10, pa za Chifalansa CIM-10, koma ndi mndandanda womwewo. Ngati munagula mankhwala ku famase, sungani kalata ya dokotala yogulira mankhwalawo pamodzi ndi lisiti lake. Lisiti la mankhwala lopanda kalata ya dokotala ndi limene limakanidwa kawirikawiri.

Musanachoke, funsani ngati dokotala angakulembereni kalatayo m'chinenero chimene inshuwalansi yanu imalandira. Zipatala zambiri zolandira alendo zimatha kutero, ndipo kalata yotero, yosayinidwa ndi dokotala yemweyo, imakupulumutsani ku sitepe yotsatirayi.

3. Kumasulira: chiti, ndi ndani, motani

Simufunika kumasulira fayilo yonse. Nthawi zambiri zofunika ndi kalata yotulutsira m'chipatala, lipoti la opaleshoni ngati lilipo, invoisi yatsatanetsatane ndi kalata ya mankhwala. Masamba a zotsatira za magazi, amene ndi manambala okhaokha, atumizeni monga alili, mumasulire akakapempha.

Musamasulire nokha, ngakhale mutachidziwa bwino chinenerocho, ndipo asamasulire m'bale wanu. Ndinu mwini ndalama zimene zikuitanitsidwa, choncho mawu anu sangakhale umboni. Chimene makampani ambiri amafuna ndi kumasulira kotsimikizika: womasulira amalemba kumapeto kuti zimene wamasulirazo ndi zoona ndi zathunthu, n'kuika dzina lake, tsiku, siginecha ndi njira yomupezera. M'mayiko ena, monga Sipeni, Falansa ndi Jeremani, muli omasulira olumbiritsidwa, amene boma kapena khoti linawavomereza ndipo ali ndi chidindo chawo. Funsani kampani yanu kuti ikufuna mtundu uti musanalipire, chifukwa wolumbiritsidwa amakhala wodulirapo.

Womasulirayo muuzeni zinthu zingapo. Amasulire tsamba ndi tsamba, kuti mzere wachisanu wa invoisi ukhale mzere wachisanu pa chomasuliracho. Asasinthe ndalama n'kuziika m'ndalama ina. Ntchito yake ndi mawu, ndipo akasintha manambala woyang'ana kleimu sathanso kufananiza mapepala awiriwo. Zidindo ndi zolemba pamanja azimasulirenso, makamaka chidindo choti ndalama zalipiridwa. Pamene sakutha kuwerenga alembe kuti sipakuwerengeka, asaganizire. Pa mankhwala asunge dzina la pa paketi n'kuwonjezera dzina lenileni la mankhwalawo ngati lalembedwa, popeza mankhwala amodzimodzi amagulitsidwa ndi mayina osiyana m'mayiko osiyana.

Chomasuliracho chikabwera, khalani pansi muchiwerenge pang'onopang'ono, makamaka gawo la mbiri ya matenda. Gawo limeneli ndi limene limagamula ngati vuto lanu linali latsopano kapena munali nalo kale, ndipo mapangano ambiri salipira matenda amene munali nawo musanalowe kapena musananyamuke. Ndinathandizapo munthu amene kalata yake inati m'mimba munamuwawa kwa maola khumi ndi awiri, koma chomasulira chinati miyezi khumi ndi iwiri, chifukwa dokotala anafupikitsa mawuwo pamanja ndipo womasulira anaganizira. Kleimu inakanidwa ngati matenda akale, ndipo zinatenga kalata ina ya dokotala kuti zikonzeke. Onani nthawi imene zizindikiro zinayamba, onani kumanja ndi kumanzere, onani pamene akunena kuti mulibe matenda akuti ngati mawu okanawo sanagwe. Mukapeza cholakwika, musakonze ndi cholembera chanu. Chibwezeni kwa womasulira, ndipo ngati cholakwikacho chili pa kalata yoyambirira, lemberani chipatala.

Nthawi zonse tumizani chikalata choyambirira pamodzi ndi chomasulira chake. Chomasulira chokha si umboni.

4. Werengani manambala ndi masiku monga mwa dziko limene analembera

Apa anthu ambiri amapunthwa asanayambe n'komwe kusintha ndalama. M'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo Sipeni, amalemba 4.350,00 pamene ena amalemba 4,350.00. Kumeneko kadontho kamalekanitsa masauzande ndipo kadontho kamchira, kotchedwa koma, kamalekanitsa masenti. Ku Indiya 1,25,000 ndi chimodzimodzi 125,000. Pa masiku, 03/06 ndi 3 Juni m'mayiko ambiri koma ndi 6 Malichi ku Amerika. Ku Tailandi mungapeze lisiti la chaka cha 2568, chimene ndi 2025, chifukwa kalendala yawo ili patsogolo ndi zaka 543. Pa fomu ya kleimu lembani mwezi ndi zilembo ngati malo alipo, kuti pasakhale kukayika.

5. Kusintha ndalama ndi kulumikiza lisiti lililonse ndi malipiro ake

Iyi ndiyo sitepe yovuta, ndipo malangizo ambiri amangoti phatikizani malisiti anu n'kudutsa. Ndikhalapo nthawi.

Choyamba, pa fomu lembani ndalama monga zilili pa invoisi, m'ndalama ya dziko limene munalandirira chithandizo, pokhapokha fomuyo itanena zina. Kusintha ndi ntchito ya kampani. Komabe muyenera kuwerengera nokha pambali, chifukwa popanda kutero simungadziwe ngati zimene akupatsani ndi zolondola.

Mtengo wosinthira ndalama, umene ambiri amangoti reti, suli umodzi. Umasintha tsiku ndi tsiku, ndipo pa tsiku limodzi pali wa banki yaikulu, wa banki yanu, wa kampani ya khadi ndi wa malo osinthira ndalama. Pangano lanu limasankha umodzi. Ena amatenga reti ya tsiku la chithandizo, ena ya tsiku la invoisi, ena ya tsiku limene munalipira, ena ya tsiku limene iwo akukonza kleimu. Ena amavomera ndalama zenizeni zimene banki yanu inadula, mukawapatsa sitetimenti. Ngati ndalama ya kwanu yagwa pakati pa tsiku lolipira ndi tsiku lokonza kleimu, kusiyana kwake kungakhale kwakukulu, n'chifukwa chake ndinati mufunse zimenezi poyamba penipeni.

Tibwerere kwa mayi uja. Pangano lake limati reti ndi ya banki yaikulu ya tsiku limene analipira, ndipo madola 250 oyambirira amalipira yekha. Ndalama zoyambirira zimenezi, zimene ena amati ekisesi, kampani imazichotsa isanalipire. Iye analipira kanayi.

Pa 3 Malichi, pogonekedwa, analipira dipoziti ya mayuro 2,000 ndi khadi. Reti ya tsikulo inali madola 1.08 pa yuro imodzi. Banki yake inadula madola 2,160.00, n'kuwonjezera pa mzere wina madola 43.20 monga chindapusa chogulira kunja.

Pa 6 Malichi anatuluka. Invoisi yonse inali mayuro 4,350, ndipo atachotsa dipoziti anatsala ndi 2,350. Makina a khadi anamufunsa ngati akufuna kulipira mu yuro kapena mu dola. Anasankha dola, poganiza kuti ndi ndalama imene amaidziwa. Makinawo anagwiritsa ntchito reti yawoyawo ya 1.14, n'kudula madola 2,679.00, pomwe reti ya banki yaikulu tsikulo inali 1.09. Tsiku lomwelo anagula mankhwala a mayuro 38.40 ndi kashi.

Pa 12 Malichi anapita kukaonetsa bala n'kulipira mayuro 90 ndi kashi. Reti inali 1.10.

Cholakwika choyamba chimene anthu amachita pano ndi kuphatikiza mapepala onse amene ali m'envulopu: lisiti la dipoziti la 2,000, invoisi ya 4,350, lisiti la 2,350. Dipoziti ili kale mkati mwa invoisi. Mukaiwerengera kawiri, kleimu imaoneka ngati yachinyengo ngakhale munangosokonezeka, ndipo imachedwa. Njira yodziyesera ndi iyi: malisiti onse a invoisi imodzi akaphatikizidwa afanane ndi invoisiyo mpaka pa senti. Apa 2,000 ndi 2,350 zikukwana 4,350. Zikapanda kufanana, ndiye kuti pali lisiti limene lasowa, kapena chipatala chinakuchotserani mtengo, kapena chinakubwezerani gawo la dipoziti. Chilichonse mwa izi chifotokozeni pa pepala, ndipo ngati munabwezeredwa ndalama, nenani.

Cholakwika chachiwiri ndi kutembenuza reti. Masamu ake ndi awa:

```
ndalama ya pa lisiti x reti = ndalama ya pangano
2,000 EUR x 1.08 = 2,160.00 USD
```

Munthu akagawa m'malo mochulukitsa amapeza madola 1,851.85. Dzifunseni kaye kuti ndalama yamphamvu ndi iti. Ngati yuro imodzi ikuposa dola imodzi, yankho lanu la madola liyenera kukhala lalikulu kuposa mayuro.

Tsopano tiwerenge monga kampani ingawerengere. M'kati mwa invoisi munali mzere wa bedi la womudikirira, masiku atatu pa mayuro 40, kukwana 120. Pangano lake silimalipira zimenezi, choncho pa 2,350 patsala 2,230.

```
3 Malichi   2,000.00 x 1.08 = 2,160.00
6 Malichi   2,230.00 x 1.09 = 2,430.70
6 Malichi      38.40 x 1.09 =    41.86
12 Malichi     90.00 x 1.10 =    99.00
Zonse                         4,731.56
Kuchotsa 250                  4,481.56
```

Mayiyu anatulutsa pafupifupi madola 5,023.06, koma alandira 4,481.56. Ataona kusiyana kwa madola 541.50 angaganize kuti amubera. Tiyeni tikufufuze kumene ndalamazo zapita. Madola 250 ndi ekisesi. Madola 130.80 ndi bedi la womudikirira, ndiye kuti 120 kuchulukitsa ndi 1.09. Madola 43.20 ndi chindapusa cha banki, chimene si chithandizo ndipo mapangano ambiri sachilipira. Otsalawo, madola 117.50, anatayika pa makina a khadi pamene anasankha dola: pa reti ya 1.09 mayuro 2,350 akanakhala madola 2,561.50, osati 2,679.00. Zinayi zimenezi zikukwana ndendende 541.50, kutanthauza kuti kampani yawerengera bwino ndipo palibe chodandaula. Kukanatsala ndalama zosafotokozeka, pamenepo ndi pamene akanalemba kalata.

Ndalama za pa makina zija ndi zimene zimandipweteka, chifukwa zinali zopeweka. Makina a khadi kapena otulutsa ndalama akakufunsani kunja, sankhani ndalama ya dziko limene mulilo. Mukasankha ya kwanu, amene amaika reti ndi kampani ya makinawo, ndipo kawirikawiri imakhala yokwera. Palinso vuto lina: kapepala kanu kadzasonyeza madola pomwe invoisi ikusonyeza mayuro, ndipo mudzafunika kufotokoza kuti ndi malipiro amodzi. Ngati zinachitika kale, timapepala totere nthawi zambiri timasonyeza ndalama zonse ziwiri ndi reti yake, ndiye katumizeni monga kalili.

Malipiro a kashi ali ndi vuto lawo, chifukwa palibe sitetimenti yowachitira umboni. Lisiti lachipatala kapena la famase ndi lokhalo limene muli nalo, choncho likhale ndi chidindo kapena mawu oti zalipiridwa. Ngati munatapa ndalamazo pa makina kapena munasintha pa malo osinthira, sungani kapepala kake, chifukwa makampani ena amavomera reti ya pamenepo. Ngati mulibe, sindikizani tsamba la reti ya tsikulo kuchokera ku banki yaikulu imene pangano likutchula. Banki yaikulu ya ku Ulaya, mwachitsanzo, imatulutsa mareti a yuro tsiku lililonse la ntchito, koma osati Loweruka ndi Lamlungu. Ngati munalipira kumapeto kwa sabata, tengani reti ya tsiku la ntchito lomaliza n'kulemba kuti mwatero. Onaninso kuti tsiku la pa sitetimenti limatha kuchedwa ndi tsiku limodzi kapena angapo poyerekeza ndi la pa lisiti. Tsiku lolipira ndi la pa lisiti.

Ngati anakulipirirani munthu wina ndi khadi yake, zimene zimachitika kwambiri munthu akakhala ku opaleshoni, dzina la pa sitetimenti silidzafanana ndi lanu. Wolipirayo alembe kalata yaifupi yosayina yonena kuti analipira ndalama zakuti pa tsiku lakuti m'malo mwanu, ndipo mufunse kampani ngati ikufuna zinanso. Pa sitetimenti mungathe kuphimba mizere imene sikukhudza kleimu, koma dzina, tsiku, dzina la chipatala ndi ndalama zisiyeni zioneke.

6. Lembani tsamba limodzi lotsogolera

Palibe fomu imene imalipempha, koma ndi limene limafulumizitsa zinthu. Ikani nambala pa chikalata chilichonse, makamaka pa kope osati pa choyambirira, ndipo chomasulira chitenge nambala yomweyo ndi chilembo, monga 2 ndi 2a. Kenako lembani mzere umodzi pa malipiro alionse: tsiku, amene munamulipira, zinali za chiyani, ndalama za pa lisiti ndi zilembo zake zitatu, munalipira motani, ndi nambala za zikalata zotsimikiza. Mzere woyamba wa mayi uja ungati: 3 Malichi, chipatala, dipoziti ya invoisi ya pa chikalata 2, EUR 2,000.00, khadi, onani zikalata 3 ndi 8. Zimene mukudziwa kuti pangano silimalipira, monga bedi la womudikirira lija, zitchuleni nokha kuti simukuziitanitsa.

Pansi pake fotokozani zilizonse zosagwirizana. Ngati chipatala chinasemphanitsa mayina anu kapena chinasiya chilembo, nenani n'kuphatikiza tsamba la pasipoti. Ngati muli ndi inshuwalansi ina imene yalipirako gawo, kapena mukuitanitsanso kumeneko, nenani, chifukwa fomu imafunsa ndipo kubisa kungathetse kleimu yonse. Makampani ena amafunanso umboni wa masiku a ulendo, monga tikiti kapena chidindo cha m'pasipoti, poti amaika malire a masiku amene mungakhale kunja.

7. Tumizani, ndipo sungani zonse

Ngati mukutumiza pa intaneti, jambulani tsamba lonse, ngodya zinayi zioneke, kumbuyo komwe ngati kuli chidindo, n'kuziika mu PDF motsatira manambala anu. Ngati akufuna zoyambirira, tengani makope kaye ndipo tumizani m'njira yoti mutha kutsata. Lembani nambala ya kleimu ndi tsiku limene analandira. Masiku akayandikira kutha chomasulira chisanabwere, tumizani zimene muli nazo n'kunena kuti chomasulira chikubwera pa tsiku lakuti. Kuwonjezera pepala pa kleimu yotsegulidwa kale n'kosavuta, koma kutsegula kleimu masiku atatha n'kovuta kwambiri.

Samalani ndi nambala za akaunti yolandirira. Ngati ndalama zikuwoloka malire, padzafunika nambala ya SWIFT ya banki yanu, ndi nambala ya akaunti yanu yotchedwa IBAN m'mayiko amene amaigwiritsa ntchito. Ngati akaunti yanu ili m'ndalama ina yosiyana ndi ya pangano, ndalamazo zidzasinthidwanso kachiwiri pofika, ndipo mabanki a panjira angadulepo zawo. Kusiyana kumeneko si kwa kampani ya inshuwalansi, choncho poyerekeza gwiritsani ntchito ndalama zimene iwo akuti atumiza. Sunganinso lisiti la womasulira n'kufunsa ngati amabweza. Ena amatero, ena ayi.

8. Yankho likabwera

Pamodzi ndi ndalama payenera kubwera pepala lofotokoza mzere ndi mzere zimene alipira, zimene akana ndi chifukwa chake. Likapanda kubwera, lipempheni, ndipo pemphani likhale ndi reti ndi tsiku limene agwiritsa ntchito. Liikeni pambali pa tsamba lanu lija n'kuchita monga tinachitira ndi madola 541.50 aja, mpaka senti iliyonse ipeze mwini wake.

Mzere ukakanidwa, onani mtundu wa kukanako. Ngati akuti pepala lasowa kapena silikuwerengeka, kleimu sinafe, tumizani chimene akufuna. Ngati akuti mtengo wa chipatala unapitirira umene iwo amauona kukhala woyenera m'dzikolo, funsani kuti mtengowo aupeza bwanji ndipo ndime yake m'pangano ndi iti. Ngati akuti matendawo ndi akale, bwererani ku gawo la mbiri ya matenda m'kalata yoyambirira ndi m'chomasulira, ndipo ngati pakufunika pemphani dokotala amene anakuthandizani alembe tsiku limene zizindikiro zinayamba. Kalata yanu yodandaula ikhale ya mzere umodziwo: nambala ya kleimu, mzere wokanidwa, ndime ya pangano, chikalata chotsimikiza, ndi ndalama zimene mukuona kuti zatsala. Kudandaula nakonso kuli ndi malire a masiku, amene amalembedwa pa kalata yokanayo kapena m'pangano. Kampani ikakana komaliza inu musanakhutire, funsani dzina la bungwe loyang'anira za inshuwalansi kapena lomva madandaulo m'dziko limene pangano lanu linalembedwera, osati limene munadwalira, ndipo kumeneko mudzapite ndi fayilo yomweyi, yokhala ndi manambala ake.